Tsamba lothokoza la buku langa loyamba: momwe ntchito ikuyendera

Lolemba, sabata yoyamba

Mitu yonse ya bukuli ili kale kwa woyala masamba. Chatsala m'manja mwanga ndi tsamba lothokoza basi. Bukuli likunena za anamwino ogwira ntchito usiku, ndipo nkhani zake zambiri zachokera m'kucheza ndi anamwino 14. Ndikutchuliratu zimenezi chifukwa vuto lalikulu la tsambali lagona pamenepo.

Ndisanalembe chiganizo ndi chimodzi chomwe, ndafunsa akonzi kuti tsambali likhala pati, malo ake ndi aakulu bwanji, ndipo akulifuna liti. Yankho la malo ndi limene landimanga manja. Pa makina aakulu buku silisindikizidwa tsamba limodzilimodzi. Chipepala chimodzi chimanyamula masamba 16, mbali iyi 8 mbali inayo 8, kenaka amachipinda ndi kuchidula. Langali lakonzedwa kuti likhale masamba 208, kutanthauza zipepala 13 ndendende, ndipo zina zonse zadya kale 206. Atsala awiri. Ndikangosefukira pa tsamba lachitatu, osindikiza ayenera kuwonjezera chipepala china kapena theka lake, masamba angapo n'kukhala opanda kanthu. Woyala masamba wawerengera kuti pa pepala la A5, ndi zilembo zimene tasankha, masamba awiriwo alowa mawu pafupifupi 450, poti tsamba loyamba limayambira m'munsi pang'ono chifukwa cha mutu.

Za pomwe likhale, tagwirizana kuti lipite kumapeto, mutu womaliza ukangotha. Mabuku ambiri amaliika kumayambiriro, m'masamba aja a manambala achiroma, i, ii, iii. Ubwino wa kumeneko ndi wakuti likatalika kapena kufupika silisuntha manambala a masamba a m'kati, amene mlozera wa kumapeto amadalira. Koma ine ndikufuna kuti munthu afike pa mawu othokozawa atawadziwa kale anamwinowo. Zikomo wopita kwa anthu amene wowerenga sanakumane nawo amangodumphidwa.

Tsiku ndi Lachisanu la sabata yamawa, kuti tsambali lilowe pamodzi ndi zina zonse mu pulufu yoyamba, masamba oyalidwa kale amene amaunikidwa buku lisanasindikizidwe.

Lachitatu

Lero sindinalembe mawu othokoza aliwonse. Ndakhala ndikusaka mayina.

Ndinayamba ndi kulemba onse amene anabwera m'mutu, anakwana 26. Nditawayang'ana bwino ndinaona kuti ali mitundu iwiri yokha: anthu amene ndimakhala nawo pafupi, ndi amene andithandiza miyezi yaposachedwayi. Mutu umasunga choncho. Wothandiza kamodzi kokha, kalekale buku lisanakhale n'komwe ndi dzina, ndiye amene amagwa, ngakhale thandizo lakelo litakhala kuti ndi limene linatsegula njira. Choncho kusaiwala munthu si nkhani ya mtima wabwino ayi, ndi nkhani ya kufufuza m'zolembedwa.

Ndatsegula tebulo la mizati isanu: dzina, chimene munthuyo anachita, nthawi yake, ngati kalembedwe ka dzina katsimikizika, ndi ngati wavomera kutchulidwa. Mzati wachiwiriwo ndaudziikira lamulo. Sindilembamo "anathandiza" kapena "anandilimbikitsa". Ndilembamo chinthu chimene munthu akanatha kuchiona ndi maso: anawerenga mutu 4 n'kupeza kuti mlingo wa mankhwala ndi wolakwika, anandibwereka chojambulira mawu, anatayipa makaseti atatu.

Kenaka ndayenda m'mapazi a bukulo chobwerera. M'maimelo ndasaka ndi dzina la bukuli, komanso ndi dzina lake lakale lija ndinalisiya pakati, ndipo dzina lakalelo ndi limene latulutsa anthu a m'chaka choyamba. Ndatsegula mafayilo akale onse mmene muli ndemanga za m'mbali ndi Track Changes, chifukwa ndemanga iliyonse imasonyeza dzina la amene anailemba. Ndawerenga makope amene ndinkalembamo pocheza ndi anthu, makamaka m'mphepete ndi pa chikuto chakumbuyo, kumene munthu umalemba nambala ya foni mothamanga. Ndayang'ananso mauthenga a pa foni, ndi mapepala a ndalama zimene ndinalipira pa ntchitoyi, chifukwa amene analipidwa nayenso anagwira ntchito. Zonsezi zawonjezera mayina 16.

Njira imene yandipindulira koposa ndi funso limodzi lofunsa pa dzina lililonse: kodi munthu ameneyu ndinamudziwa bwanji? Namwino wachisanu ndi chiwiri anandilumikiza naye ndani? Wachitatu. Nanga wachitatuyo? Mayi wina amene tinangocheza mphindi zochepa pa msonkhano, n'kundilembera nambala pa kapepala. Mayi ameneyu mulibe m'imelo iliyonse, sanawerenge mutu uliwonse, koma anamwino asanu a m'bukuli ndinawafika kudzera mwa iye. Anthu olumikiza otere sasiya phazi m'mafayilo. Ndapeza anayi.

Palinso mmodzi amene ndaganiza nthawi yaitali ndisanamulembe: mkonzi wa kampani ina amene analikana bukuli. Anakana, inde, koma kalata yake inanena mosabisa kuti mitu itatu yoyambirira inali kunena za ine, osati za anamwino. Ndinaichotsa, buku n'kuima. Mu mzati wachiwiri muli cholemba chomveka, ndiye walowa.

Lachisanu

Ndalembera akonzi kuwapempha mayina a onse amene agwira bukuli kumbali yawo. Wolemba woyamba sadziwa kuti buku lake ladutsa m'manja angati. Ine ndinkadziwa akonzi okha. Ayankha ndi mayina anayi: wowongola chilankhulo, woyala masamba, wojambula chikuto, ndi wowerenga pulufu amene sanayambe n'komwe ntchito yake. Womalizayu ndi wosavuta kumuiwala pa chifukwa chodziwikiratu, tsamba lothokoza limalembedwa iye asanafike. Mndandanda wafika pa 51.

Ntchito ina ya lero inali kupatula ngongole za pa mgwirizano ndi ngongole za mumtima. Zikasakanikirana, zonse ziwiri zimaonongeka.

Pali zitatu za pa mgwirizano. Choyamba ndi mizere ya ndakatulo imene ili kumayambiriro kwa mutu 9. Eni ake anapereka chilolezo, ndipo m'kalata yawo analemba mawu enieni amene ayenera kusindikizidwa. Mawu amenewo sindingawakometse kapena kuwafupikitsa, ndiyenera kuwakopera monga alili. Ngakhale pamene chilolezo sichifunika, pangano la mayiko la Berne, limene linayamba mu 1886, limanena kuti wogwira mawu a wina atchule kumene achokera ndi dzina la mwini wake. Chachiwiri ndi chithunzi chimodzi chimene chili pansi pa chilolezo cha CC BY 4.0. Chimenecho chimafuna dzina la wojambula, dzina la chilolezocho ndi kumene chimapezeka, komanso kunena ngati chithunzicho chasinthidwa. Ife tinachidula m'mbali kuti chikwane pa tsamba, ndiye tiyenera kunena. Chachitatu ndi bungwe limene linandipatsa thandizo la ndalama zofufuzira. M'kalata ya thandizolo muli chiganizo chawo, ndi nambala yake.

Zitatu zonsezi zapita ku tsamba la kuseri kwa mutu wa buku, kumene kumakhala za umwini ndi nambala ya ISBN. Kumeneko mawu ouma ndi oyenera. Akanakhala pakati pa mawu opita kwa mlongo wanga ndi opita kwa anamwino, wowerenga akanamva kuti tsamba lonse ndi lokwaniritsa lamulo. Koma munthu wa ku bungwe lija amene anandiwonjezera nthawi pamene ntchito inachedwa anali kale ndi mzere wakewake pa tebulo, ndipo iye atsala pa tsamba lothokoza.

Mawu opereka buku, aja a mzere umodzi pa tsamba lawolawo kumayambiriro, ndi chinthu chinanso. Ndinalipereka kwa malemu mayi anga. Sindibwerezanso zomwezo kumapeto.

Loweruka

Ndalemba ndime zoyamba, kenaka ndaziyesa ndi muyeso umodzi: ndichotse dzina, ndiikepo la munthu wina wa pa mndandanda. Chiganizo chikakhalabe choona, ndiye kuti sichikuthokoza munthu aliyense. M'zolemba zinozi mayina enieni ndawabisa, ndikuika Uje.

Chiganizo china chinali chotere: "Ndikuthokoza kuchokera pansi pa mtima a Uje chifukwa cha thandizo lawo losaneneka ndi chilimbikitso chawo chosatha." Ndinayesa kuikapo dzina la akonzi, chinakwana. La mlongo wanga, chinakwana. La woyang'anira laibulale, chinakwananso. Vuto si kuti mawuwo ndi abodza. Ndimamvadi choncho. Koma mwini wake akawerenga sapezamo chomuuza kuti ndinaona chimene anachita, ndipo mlendo sapezamo chomuchititsa kukhulupirira.

Ndinabwerera ku mzati wachiwiri wa tebulo. Pa dzina lawo panalembedwa kuti anawerenga mitu yonse ya za odwala mwakayakaya, n'kundiuza kuti namwino sanganene mawu amene ndinamuika m'kamwa pa tsamba lina. Chiganizo chatsopano chakhala chotere: "A Uje anawerenga mitu ya m'chipinda cha odwala mwakayakaya ndi pensulo m'manja, ndipo paliponse pamene ndinayankhulitsa namwino ngati wolemba mabuku, anandibweza." Mulibe mawu akuti zikomo, mulibe "kwambiri", koma palibe wina pa mndandanda amene chingamukwane.

Apa ndi pamene ndaona kuti ntchito ya Lachitatu ija inali kale theka la kulemba. Tebulo limene limateteza kuti munthu asaiwalike ndi lomwelonso likupereka mneni wa chiganizo chilichonse. Pamene mzati wachiwiri uli wodzaza, chiganizo chikubwera chokha. Pamene ndikuvutika ndi kuyamba kuunjika "wapamtima", "wosatopa", "wodzipereka", ndikapita pa tebulo ndikupeza kuti malowo ndi osalembedwa bwino. Mawu okometsera akachuluka, chimenecho ndi chizindikiro choti sindinakumbukire mokwanira.

Mawu okometserawa ali ndi vuto linanso, amakwera mtengo okhaokha. Woyamba ukamuti "wabwino", wachiwiri afunika "wabwino kwambiri", pofika kwa wa nambala 8 mawu atha, ndipo amene wangotchedwa "wothandiza" aona ngati wanyozedwa. Mneni alibe mpikisano wotero. Wotayipa makaseti ndi wowerenga mitu aliyense ali ndi chake. Ndadzilola mawu amodzi okha okweza pa tsamba lonse, ndipo ndawasungira ndime yomaliza.

Ndachotsanso mwambi umene ndinatsegulira, uja wa chala chimodzi ndi nsabwe. Ndi woona, koma ungatsegule tsamba lothokoza la buku lina lililonse, ndiye wagwa pa muyeso womwewo.

Komabe kutchula chinthu chenicheni kuli ndi malire, ndipo ndagundana nawo kawiri lero. Mnzanga wina anandithandiza ndi ndalama nthawi imene zinthu zinathina. Chimenecho ndi chenicheni ndithu, koma kuchisindikiza ndi kuuza abale ake ndi ena onse kuti ali nazo zobwereketsa. Ndalemba kuti "anachititsa kuti ntchitoyi isaime pamene ikanaima", iye adzamva. Kwina ndinalemba ka nthabwala kamene timamvana awiri basi. Ndakachotsa, chifukwa tsambali limawerengedwa ndi anthu atatu nthawi imodzi: wothokozedwayo, ena a pa mndandanda, ndi mlendo amene wagula buku. Chiganizo chabwino chiyenera kumveka kwa onse atatu. Zotsalazo ndidzalemba ndi dzanja m'buku limene ndidzamupatse.

Lolemba, sabata yachiwiri

Tsiku lonse lapita pa anamwino.

Aliyense wa iwo anasaina pepala limene ndinalonjezamo kuti dzina lake lisinthidwa ndipo chipatala sichitchulidwa. M'mitu yonse ndasunga lonjezolo. Koma tsamba lothokoza ndi khomo lakumbuyo limene lonjezo lotere limatulukira mosavuta. Ndikalemba mayina 14 enieni kumapeto kwa buku la anthu 14 obisidwa, wogwira nawo ntchito aliyense angokhala pansi n'kulumikiza. Ndiye ambiri mwa iwo ananena zinthu zimene zingawaike m'mavuto ndi mabwana awo.

Chovuta n'chakuti mmodzi akufuna kutchulidwa. Ndi mayi wamkulu amene anapuma pa ntchito, ndipo mutu wabwino koposa m'bukuli ndi wake. Ndinawaimbira.

"Mwanangu, ine ndinapuma kale, andichotsanso ntchito iti?" anatero. "Lembani dzina langa lonse. Adzukulu anga adzaone kuti agogo awo ali m'buku."

"Mayi, ine ndikufunitsitsa," ndinayankha. "Koma mukukumbukira kuti awiri aja ndinawapeza kudzera mwa inu? Munali wodi imodzi. Dzina lanu likaoneka, aliyense wodziwa kumene munkagwira adziwa kuti enawo ndi ndani. Iwo akadali pa ntchito."

Anakhala chete pang'ono, ndinkangomva wailesi chapatali. Kenaka anati, "Uja wamng'ono uja ali ndi ana awiri. Ayi, musiyeni. Koma buku langa mudzalembemo ndi dzanja lanu, dzina lonse, osati la m'nkhani lija."

Tagwirizana choncho. Chimene ndatolapo ndi chakuti chilolezo cha munthu mmodzi sichikwanira ngati dzina lake likuloza kwa ena. Pa chifukwa chomwecho ndachotsanso dzina la mkulu wa anamwino amene anandilola kulowa m'wodi usiku, ndi la mayi wolumikiza uja. Dzina la mkuluyo lokha ndi lokwanira kuulula chipatala. Onse awiri ndawalembera kuwafotokozera, kuti asadzatsegule buku n'kuganiza kuti ndinawaiwala. Kusiya munthu mwadala osamuuza, kwa iye n'chimodzimodzi ndi kumuiwala.

Tsono anthu opanda mayina uwathokoza bwanji kuti zimveke zoona? Njira ndi yomweyo, chimene anachita. Ndime yawo yakhala yoyamba pa tsambali, ndipo ikuti: "Anamwino 14 anandipatsa maola amene akanagona. Ena tinkacheza atangoweruka m'mawa, maso ali ofiira, yunifolomu asanavule. Ndinawalonjeza kuti sinditchula mayina awo, ndipo ndikusunga lonjezolo ngakhale pano pamene ndikanakonda kuwatchula mmodzimmodzi. Chimodzimodzi awiri amene ananditsegulira zitseko." Chiganizo chachitatucho ndi chofunika, chikuuza wowerenga kuti kusowa kwa mayina ndi ulemu.

Lachiwiri

Masamu a malo. Pa 51 paja ndachotsa 3 a ku tsamba la umwini, anamwino 14, ndi awiri otsegula zitseko. Atsala mayina 32 oti asindikizidwe. Aliyense akanalandira chiganizo chake cha mawu 20, akanadya 640, pamene malo onse ndi 450, ndipo ndime ya anamwino yatengapo kale gawo lake. Choncho 8 alandira chiganizo chawochawo, 24 otsalawo alowa m'magulu.

Gulu silitanthauza mulu wa mayina. Lililonse lili ndi mneni wake: amene anawerenga mitu ina n'kubweza ndemanga, amene anandipezera mabuku ndi malipoti akale, amene anatayipa zojambulidwa, amene anasandutsa fayilo kukhala buku. M'kati mwa gulu mayina ali m'ndondomeko ya afabeti, potsata dzina la bambo. Wowerenga akaona A, B, C amadziwa yekha kuti palibe woposa mnzake. Ukawaika monga akubwerera m'mutu, wachitatu amadzifunsa chifukwa chake sali woyamba. Choyenera kusamala n'chakuti afabetiyo isaphonyeke ngakhale pamodzi, chifukwa dzina limodzi likakhala posayenera, ndondomeko yonse imaoneka ngati ya kukondera.

Kusankha 8 aja sikunatengere kuti ndimakonda ndani. Funso linali lakuti, munthuyu akanapanda kuchita chimene anachita, kodi buku likanakhala losiyana moti wowerenga n'kuzindikira? Mnzanga wapamtima ali m'gulu la owerenga mitu, pamene woyang'anira laibulale amene sindimudziwa bwino ali ndi chiganizo chake, chifukwa mutu 2 wonse waima pa malipoti amene iye anafukula. Ndikudziwa kuti zimenezi zingapweteke, koma muyeso wina uliwonse sindikanatha kuufotokoza munthu atandifunsa.

Ndime zatsatana motere: anamwino, odziwa za chipatala amene anaunika zolemba, owerenga ndi othandiza kufufuza, a ku kampani yosindikiza, kenaka a pabanja kumapeto. Kuchoka ku ntchito kupita ku nyumba.

Za maudindo ndasankha njira imodzi ya tsamba lonse. Aliyense ali ndi "a" patsogolo pa dzina, popanda Dokotala kapena Pulofesa, kupatula pamene udindowo ukufotokoza chimene munthuyo anachita. Ukapatsa mmodzi udindo wake n'kumana wina amene alinso nawo, walakwira wachiwiriyo. Mmodzi mwa otayipa anatisiya chaka chatha. Ndalemba "malemu" patsogolo pa dzina lake, ndipo ndafunsa mkazi wake ngati zili bwino kutero.

Chiganizo chija chofala, chakuti "ndi ena onse amene sindinawatchule", ndachisiya. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amachilemba, koma sindikhulupirira kuti woiwalidwa anayamba watonthozedwa nacho. Amene anakhala usiku akuwerenga mitu yako sadzipeza mu "ena onse". Chinanso, chimauza wowerenga kuti wolemba akudziwa kuti sanafufuze mokwanira.

Lachitatu

Ndatumiza uthenga kwa onse 32, aliyense payekha, wa malemu uja kwa mkazi wake. Ndi waufupi: ndikufuna kukutchulani m'mawu othokoza, dzina lanu ndalilemba motere, kodi ndi momwe mumalilembera, ndipo mukuvomera? Kwa 8 aja ndaikamonso chiganizo chonse.

Ena amati kutero kumachotsa chisangalalo cha kudzidzimuka. Mayankho a lero akundiuza kuti kufunsa n'kofunika kuposa kudzidzimutsa. Mmodzi amalemba dzina lake ndi r pamene ine ndinaika l. Wina lake lili ndi ŵ. Wina anasintha dzina la bambo zaka ziwiri zapitazo, koma imelo yake ikadali ndi lakale, ndipo ine ndinakopera ku imeloko. Dzina lolakwika pa tsamba lothokoza limapweteka mwapadera, chifukwa limasonyeza kuti munthuyo unamukumbuka koma sunamusamale.

Yankho lofunika kwambiri lachokera kwa dokotala amene anaunika mitu ya za mankhwala. Ndinalemba kuti "anatsimikiza zonse za chipatala m'bukuli". Anandiyankha mwaulemu kuti iye anawerenga mitu itatu yokha, ndipo pa mutu 11 sakugwirizana nane pa chimene ndikuti chimachititsa anamwino kusiya ntchito. Akunena zoona. Kuthokoza katswiri kumamveka ngati chidindo chake pa buku lonse, ndipo dzina lake ndi limene lingadetsedwe ndi maganizo anga. Ndasintha: "A Uje anaunika za mankhwala m'mitu 4, 5 ndi 8. Pa zina sitinagwirizane, ndipo anandiuza mosabisa." Apa ndi pamenenso chiganizo chakale chija, chakuti zolakwika zotsala ndi za wolemba, chili ndi ntchito yeniyeni. Ndachiika pompo, pambuyo pa akatswiri, osati kumapeto kwa tsamba ngati mwambo chabe.

Mkonzi wokana buku uja wayankha kuti wadabwa, wavomera, koma wapempha kuti kampani yake isatchulidwe. Zatheka.

Ndime ya a pabanja ndiyo yanditengera nthawi. Mawu oyamba kubwera ndi "kupirira" ndi "kuleza mtima", ndipo onse awiri amagwa pa muyeso wa kusintha dzina. Alinso ndi kena kobisika: amanena za kuvuta kwa wolemba kuposa za ntchito ya winayo. Ndinafunsa mnzanga wa m'nyumba kuti, pa zaka zonsezi, chimene chinamulemera kwenikweni n'chiyani. Anati si kusowa kwanga masana, koma usiku umene ndinkakhala ku wodi, mwana akadzuka n'kumafunsa. Chiganizo chake chachokera pamenepo, ndipo wachiwerenga n'kuchivomera. Mawu amodzi okweza aja ali mmenemo.

Lachinayi usiku

Mayankho afika 29. Atatu sanayankhe. Awiri ndawapeza pa foni. Wachitatu, mmodzi wa owerenga mitu, nambala yake sikugwiranso. Popeza kutchulidwa m'gulu la owerenga sikuulula chinsinsi chilichonse, dzina lake likhala, ndipo kalembedwe ndatengera mmene iye mwini anasainira pansi pa ndemanga zake. Akanakhala wa m'nkhani za chipatala, kusayankha ndikanakutenga ngati kukana.

Ndawerenga tsamba lonse mokweza. Khutu lagwira zimene maso anadumpha: "ndikuthokoza" anali koyambirira kwa ndime zinayi zotsatizana. Ndasiya pawiri, poyamba ndi pomaliza. Kwinako dzina la munthu ndi limene likutsegula chiganizo, ine ndikubwera pambuyo kapena osabwera n'komwe.

Kuunika komaliza sindinachite ndekha. Mlongo wanga anagwira tebulo, ine tsamba. Iye amatchula dzina, ine ndimalipeza pa tsamba n'kulitchula chilembo chimodzichimodzi, iye n'kuchonga. Kenaka tinatembenuza, ine kutchula za pa tsamba, iye kupeza pa tebulo. Ulendo woyamba umagwira wosowa, wachiwiri umagwira wolembedwa kawiri kapena wolowa popanda chilolezo. Ndinamupemphanso kuti atchule aliyense amene akumukumbukira kuti anakhudzana ndi bukuli. Anatchula mnansi amene ankasunga mwana masiku ena ndikapita kokacheza ndi anamwino. Thandizo lotere silikhala m'fayilo iliyonse, limadziwika ndi a m'nyumba okha. Walowa m'ndime yomaliza, ndamuimbira wavomera, mayina akhala 33. Kuti akwane ndadula mawu asanu ndi awiri m'ndime ya a ku kampani.

Mawu onse ndi 446.

Lachisanu

Fayilo yapita kwa akonzi m'mawa uno, pamodzi ndi kapepala kopita kwa woyala masamba ndi wowerenga pulufu. Ndawapempha kuti mayina asawakonze ngakhale ataoneka achilendo, chifukwa eni ake awatsimikiza. Ndapemphanso kuti dzina lisadulidwe pakati ndi kamzere kumapeto kwa mzere, ndi kuti aone ngati mtundu wa zilembo umene tasankha uli ndi ŵ, popeza ukapanda kukhala nacho kompyuta imabwereka chilembocho ku mtundu wina kapena kuika kabokosi.

Pulufu ikabwera ndidzabwereza kuchonga kuja pa pepala losindikizidwa, osati pa fayilo yanga, chifukwa zolakwika zatsopano zimalowa poyala. Akonzi anena kuti mu pulufu yoyamba dzina limodzi kapena awiri angathe kuwonjezeka bola tsamba lisasefukire, koma mu yachiwiri salola kusintha kopitirira chilembo. Wowerenga pulufu akasinthidwa n'kubwera wina, dzinalo lisinthidwenso mu pulufu yoyambayo.

Tebulo sindinalitseke. Ndawonjezera mzati wachisanu ndi chimodzi, wa amene ayenera kulandira buku lolembedwamo ndi dzanja. Anamwino 14 ndi awiri otsegula zitseko ali pamwamba, ndipo ndafunsa akonzi ngati mabuku aulere a wolemba amene ali mu mgwirizano wathu angawonjezeredwe, chifukwa sakukwana. Ayankha Lolemba.